Kuchotsa zinyalala pa chithunzi popanda kuwononga nthaka ndi mchenga

Kufufuta botolo pa chithunzi sikuvuta. Chovuta n'chimene chimatsala pamene panali botolopo. Anthu ambiri akachotsa pepala kapena pulasitiki pa chithunzi cha mumsewu, pamalopo pamatsala chigamba chosalala ngati khonde lozira kumene, pamene nthaka yonse yozungulira ili ndi timiyala, fumbi ndi mapazi a anthu. Woona chithunzicho sanganene chimene chalakwika, koma diso lake limangothamangira pomwepo. Ndiye ntchito yeniyeni ili pa kubwezeretsa nthaka, ndipo nthaka ya pa chithunzi ili ndi zinthu zitatu zimene muyenera kuzilemekeza: kukula kwa timiyala take, kumene kuwala kukuchokera, ndi mizere imene yadutsa pamenepo.

Tigwiritsa ntchito GIMP pa laputopu chifukwa ndi yaulere ndipo ikangolowa mu kompyuta sifunanso bando. Maina a zida ndiwalemba monga momwe amaonekera pa sikirini. Amene muli ndi Photoshop musadandaule, zida zake n'zomwezo: `Clone` ya GIMP ndi `Clone Stamp`, `Heal` ndi `Healing Brush`, ndipo pamene ife tikugwira `Ctrl` posankha potapa, inu mugwira `Alt`.

Chithunzi chimene tigwirepo ntchito ndi cha mayi wina, telala wa ku Kapata, amene anafuna chithunzi choika pa chikwangwani ndi pa foni. Waima kutsogolo kwa shopu yake atavala diresi limene anasoka yekha. Chinajambulidwa mu Ogasiti cha m'ma 4 koloko madzulo, dzuwa likuchokera kumanzere, mithunzi ikugwera kumanja. Amene mumadziwa mphepo ya Ogasiti ku Chipata mukudziwa kuti ngakhale musese bwanji, mapulasitiki amabwera okha. Pansi pali dothi lofiirira lokhala ndi timiyala, ndipo zinyalala zilipo za mitundu inayi: zivindikiro za mabotolo ndi timapepala ta masiwiti tomwazikana, pulasitiki yabuluu kutsogolo kwenikweni, katoni ya chibuku yophwanyika imene yagona pa mzere wa tayala la njinga, ndi botolo limene latsamira nsapato ya mayiyo. Chithunzicho ndi cha mapikiselo 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi.

Yambani ndi fayilo yoyambirira

Mayiyo poyamba anatumiza chithunzicho pa WhatsApp monga momwe timatumizirana zithunzi masiku onse. Ndinawauza kuti, "Mayi, ichi chafika chochepetsedwa. Mwana amene anakujambulani uja atumizenso, koma asankhe `Document`." Chifukwa chake n'chakuti chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi chimachepetsedwa ndi kufinyidwa, ndipo choyamba kufa pofinyapo ndi timiyala ndi njere za mchenga. Mukachikulitsa mumangoona timabokosi ndi madontho osungunuka. Pa fayilo yotero mulibe nthaka yabwino yoti mutape, ndiye chigamba chilichonse chimaoneka.

Mukatsegula chithunzi mu GIMP, chitani zinthu ziwiri musanakhudze chilichonse. Dinani `Shift+Ctrl+D` kuti mukhale ndi leya yachiwiri, kutanthauza kope la chithunzicho losanjikizidwa pamwamba pake, yofanana ndi yoyamba, ndipo yoyambayo muisiye osaigwiranso. Kenako dinani `Shift+Ctrl+N` kuti mupange leya yachitatu yopanda kanthu, `Fill with` ikhale pa `Transparency`, muitche dzina loti zigamba. Sungani ntchitoyo ngati fayilo ya XCF, mtundu wa fayilo wa GIMP yomwe, kuti maleya asasokonekere. Leya yachiwiri ndi ya tizinyalala ting'onoting'ono, yachitatu ndi ya zazikulu.

Werengani nthaka musanaigwire

Pano m'pamene ambiri amathamanga, chonsecho m'pamene pagona ntchito yonse. Dinani `1` kuti chithunzi chioneke pa 100%, muyende nacho kuyambira pansi penipeni kukwera mpaka pakhonde la shopu. Muona kuti timiyala ta kutsogolo, pafupi ndi amene ankajambula, n'tatikulu ndipo kalikonse kali ndi kamthunzi kake kumanja. Mukamakwera timiyalato tikucheperachepera, ndipo pofika pakhonde tasanduka fumbi lokhalokha. Nthaka ndi yomweyo, koma kamera imaiona mosiyana malinga ndi mtunda. Kuthwa nakonso kumasintha. Pa chithunzi chathu nthaka yakuthwa kwambiri ili pamene mayiyo waima, chifukwa m'pamene kamera inalunjika, ndipo kutsogolo kwenikweni yachita chimbuuzi pang'ono.

Apa m'pamene pachokera lamulo limene lingakupulumutseni kuposa ena onse: tapani nthaka kumanzere kapena kumanja kwa chinyalala, pa mzere umodzimodzi wopingasa, osati pamwamba kapena pansi pake. Malo amene ali pa mzere umodzi wopingasa amakhala pa mtunda wofanana kuchokera pa kamera, ndiye timiyala take n'tofanana kukula ndiponso kuthwa. Mukatapa pansi n'kukamata pamwamba, mwaika miyala yaikulu pakati pa yaing'ono. Mukatapa pamwamba n'kumata pansi, mwaika fumbi losalala pakati pa miyala. Ngati wojambula anapendeketsa foni, tsatirani mzere wa khonde kapena m'mphepete mwa msewu m'malo mwa m'mphepete mwa sikirini.

Chinanso choyang'ana ndi malire a chinyalala chilichonse. Chinyalala sichithera pamene mtundu wake wathera. Chili ndi mthunzi wake, ndipo pulasitiki yowala imathira mtundu wake pa dothi loyandikana nayo. Yang'anitsitsani m'mbali mwa pulasitiki yabuluu ija: dothi la pamenepo lachita kabuluu pang'ono. Botolo nalo limadutsitsa kuwala, moti m'kati mwa mthunzi wake muli kadontho kowala. Zonsezi zichoke pamodzi ndi mwini wake. Mthunzi wopanda chouchititsa ndi umboni woyamba woti chithunzi chinakonzedwa.

Tizinyalala ting'onoting'ono

Izi n'zachangu. Sankhani leya yachiwiri, dinani `H` kuti mutenge `Heal`. Chivindikiro cha botolo pa chithunzi chathu chili ndi mapikiselo pafupifupi 25, ndiye burashi ikhale ya 40, yokwanira kuphimba chivindikirocho ndi kamthunzi kake nthawi imodzi. Mabatani a `[` ndi `]` amachepetsa ndi kukulitsa burashi. Gwirani `Ctrl`, dinani pa dothi loyera cha kumbali, siyani `Ctrl`, kenako dinani kamodzi pa chivindikirocho. Kamodzi kokha, osapukuta uku ndi uku. Pa chivindikiro chotsatira tapaninso pena.

`Heal` imagwira ntchito motere: imatenga kukhakhala kwa pamene mwatapa, koma mtundu ndi kuwala imazitengera m'mphepete mwa pamene mukumata. N'chifukwa chake pa kanthu kakang'ono kozunguliridwa ndi dothi lokhalokha imachita bwino kwambiri. N'chifukwa chakenso imalephera ikayandikira chinthu cha mtundu wina. M'mphepete mwa burashi mukangogunda pulasitiki yabuluu kapena nsapato yakuda, mtunduwo umalowerera m'chigamba ngati utsi. Mukaona zimenezo dinani `Ctrl+Z`, musayese kuzikonza pothira `Heal` ina pamwamba.

Musachotse zonse. Masamba ouma a mango, timitengo, mapazi a nkhuku, zisiyeni. Msewu wa ku Kapata wopanda ngakhale tsamba limodzi palibe amene angaukhulupirire, ndipo tinthu timeneti timathandiza kubisa zigamba zanu.

Pulasitiki yabuluu

Iyi ili ndi mapikiselo pafupifupi 400 m'litali ndi 250 m'lifupi, ndipo pamodzi ndi mthunzi wake ikufika 500. Pano `Heal` siyambira. Sankhani leya ya zigamba, dinani `C` kuti mutenge `Clone`, ndipo m'zosankha za chidacho konzani izi:

```
Opacity: 100
Size: 100
Hardness: 75
Sample merged: on
Alignment: Aligned
```

`Sample merged` ndi imene imalola kuti mutape kuchokera ku maleya apansi pamene mukulemba pa leya yopanda kanthu. Mukaiwala kuichonga mudzapukuta mpaka dzanja kuwawa osaona chosintha.

Manambala awiri ofunika kuwamvetsa ndi `Opacity` ndi `Hardness`, chifukwa ndi amene amabala chigamba chosalala chija. Munthu akamaopa kulakwitsa amatsitsa `Opacity` kufika 30 kapena 40, amatenga burashi yofewa, n'kumadutsa pamalo amodzi kambirimbiri. Ulendo uliwonse akuthira timiyala tina pamwamba pa tina mosaphimba kwenikweni. Kowala ka ulendo woyamba kamakumana ndi kamthunzi ka ulendo wachiwiri, ziwirizo n'kufafanizana, ndipo pomaliza pamatsala mtundu wa dothi wopanda kukhakhala kulikonse. Mukaika 100, kamwala kalikonse kamasamuka kathunthu ndi kamthunzi kake. Burashi yolimba ya 75 imasiya kampata kochepa kosakanikirana m'mphepete, kokwanira kubisa msoko koma kosakwanira kusungunula nthaka. Pamalo pamene chithunzi chili ndi chimbuuzi kale mungatsike kufika 50. Pa miyala yakuthwa mungakwere kufika 85.

Tsopano gwirani `Ctrl` ndi kudina pa dothi loyera kumanzere kwa pulasitiki, patali ndi mapikiselo 300 kapena 400 kuti potapa pasalowe mu dothi lochita kabuluu lija. Yambani m'mphepete mwa kumanzere, muzidya pulasitikiyo pang'onopang'ono kulowa m'kati ndi timizere tatifupi. Mukalemba kawiri kapena katatu, tapaninso pena, pa mzere womwewo koma patsogolo kapena pambuyo pang'ono. Mukafika pakati, siyani. Pitani kumanja, tapani kuseri kwa mthunzi, muzibwera chakumanzere mpaka mbali ziwirizo zikumane. Timachita chonchi chifukwa kawirikawiri dothi la kumanzere ndi la kumanja silifanana ndendende kuwala, ndipo mukakoka mbali imodzi yokha mpaka kutsidya, pamene mwathera pamaoneka mzere.

Yang'anirani kamtanda kamene kamasonyeza pamene mukutapa. Pa `Aligned` kamtandako kamayenda nanu, ndiye mukalemba mzere wautali kamafika pa pulasitiki yomweyo kapena pa chigamba chimene mwangomata kumene, n'kuyamba kubwereza. Zotsatira zake ndi timiyala tofanana tondondozana pa mtunda wofanana, ndipo diso la munthu limagwira zobwereza msanga kuposa chinthu china chilichonse. Pa chithunzi chathu kumanzere kuli kamwala koyera kooneka ngati dzino. Kakalowa m'chigamba, ndiye kuti kaoneka kawiri pa chithunzi, ndipo woona akapeza kamodzi apezanso kenako. Pewani kutapa tinthu todziwika chonchi. Kakalowa mwangozi, kaphimbeni ndi burashi yaing'ono ya 30.

Pamene mbali ziwiri zakumana pangaoneke msoko wa kuwala. Apa m'pamene `Heal` imabwerera, chifukwa tsopano buluu yense wachoka ndipo palibe mtundu woti ulowerere. Pitani ku `Layer > New from Visible` kuti mukhale ndi leya yophatikiza zonse, ndipo pa leya imeneyo dinani pamsokopo ndi `Heal` ya burashi ya 60, kadontho kamodzikamodzi. Ngati mukufuna kupitiriza ndi `Clone`, pangani leya ina yopanda kanthu pamwamba pake, ndipo imeneyo ndiyo ikhale leya yanu ya zigamba kuyambira pamenepo.

Nthawi zina chinyalala chimakhala chachikulu moti dothi loyera la pa mzere wake silikwanira. Zikatero dulani chigamba chathunthu. Ndi `Free Select`, batani lake ndi `F`, zungulirani dothi loyera mokhotakhota, osati mwa bokosi, ikani `Select > Feather` pa mapikiselo 8 kuti m'mphepete mufewe, koperani ndi `Copy Visible` osati `Copy` wamba, matani ngati leya yatsopano, n'kuikokera pa chinyalalacho. Ngati mwachitenga pansi pang'ono, chichepetseni ndi `Scale` mpaka timiyala tifanane ndi toyandikana nato. Chimodzi chokha musachite: musachitembenuze kuti kumanzere kukhale kumanja. Ambiri amatero pofuna kubisa kubwereza, koma dzuwa la madzulo likuchokera kumanzere, ndipo chigamba chotembenuzidwa chimakhala ndi timithunzi toloza kumene kuli dzuwa. Timiyala timayamba kuoneka ngati timaenje.

Katoni ya pa mzere wa tayala

Njinga zonyamula anthu zimadutsa pamenepa tsiku lonse, ndipo imodzi yasiya mzere wa tayala wochokera pansi kumanja kukwera chakumanzere. Katoni yagona pa mzerewo. Mukaphimba katoni ndi dothi wamba, mzere uduka pakati n'kukayambiranso kutsidya, ngati njinga inauluka.

Yambani ndi mzere, dothi libwere pambuyo. Chepetsani burashi kuti ingoposa pang'ono kukula kwa mzerewo. Tapani pakati penipeni pa mzere, pafupi ndi katoni, kenako ikani burashi pakati penipeni pa pamene mzerewo walowa pansi pa katoni, mudine. Pano tikuphwanya lamulo la mzere wopingasa chifukwa tayala likutikakamiza, ndiye tapani pafupi kwambiri kuti kusiyana kwa mtunda kuchepe. Mzere umaonda ukamapita kutali, choncho musaukoke kuchokera mbali imodzi. Theka lichokere pansi, theka lichokere pamwamba, zikumane pakati. Mukaona kuti zikuphonyana, fufutani pa leya ya zigamba ndi `Eraser` n'kuyambanso, apansi sanakhudzidwe. Mzere ukalumikizana, dzazani dothi mbali zonse ziwiri monga munachitira pa pulasitiki. Chimodzimodzi ndi m'mphepete mwa phula, ngalande, mng'alu wa simenti kapena mzere wa njerwa zoyala: cholumikiza choyamba ndi mzere.

Botolo la pa nsapato

Apa pafunika mpanda. Kulitsani chithunzi kufika 200%, tengani `Free Select`, muzungulire botolo ndi mthunzi wake, koma mbali ya nsapato mutsatire m'mphepete mwa nsapatoyo mosamala, kadontho ndi kadontho. Ikani `Feather` pa pikiselo imodzi kapena ziwiri zokha. Tsopano chilichonse mungalembe chigwera m'kati mwa mpandawo, nsapato siikhudzidwa. Lembani ndi `Clone`, burashi ya 50, kutapa pa mzere umene mayiyo waima. `Heal` musayerekeze pano, ikoka mtundu wakuda wa nsapato.

Mukamaliza dinani `Shift+Ctrl+A` kuchotsa mpanda, muyang'ane nsapato inayo. Pansi pake pali kamzere kakuda kopyapyala pamene nsapato yagunda nthaka. Pamene panali botolo kamzereko palibe, ndipo popanda iko phazi limaoneka ngati layandama. Ngati nsapato inayo ili ndi mbali yofanana nayo, tapani kamzereko kumeneko. Apo ayi pangani leya yatsopano, `Mode` ikhale `Multiply`, tolani mtundu wa mthunzi wa nsapato inayo ndi `Color Picker` mutachonga `Sample merged` yake, mulembe kamzere ndi burashi yofewa ya mapikiselo 8 pa `Opacity` ya 30. Pano `Opacity` yotsika ilibe vuto chifukwa mukungodetsa, timiyala tikuonekabe pansi pake. Musagwiritse utoto wakuda bii. Mthunzi wa pa dothi lofiirira ndi wofiirira moderapo.

Ngati botolo linaphimba gawo lalikulu la nsapato, monga zingwe kapena zala za phazi, palibe nthaka imene ingabweze zimenezo. Funsani ngati pali chithunzi china chojambulidwa nthawi yomweyo, kapena dulani chithunzi m'munsi ngati mapazi sakufunika pa chikwangwani.

Mchenga wa kumtsinje ndi kunyanja

Kuno nyanja tilibe, koma zithunzi za pamchenga zimabwera ndithu. Ena amajambulitsa pa mchenga wa Luangwa cha ku Mfuwe madzi akaphwa m'chilimwe, ena amaoloka pa Mwami kukasambira ku Senga Bay ku Salima. Njira ndi yomweyi, koma mchenga sukhululuka ngati dothi la mumsewu chifukwa ulibe timiyala tobisa msoko.

Mchenga wa m'mbali mwa madzi uli ndi magawo. Pali wouma wowala, pali wachinyezi woderapo, ndipo pali wonyowa kwambiri umene umanyezimira. Tapani m'gawo lomwe muli chinyalala, ndipo ngati chinyalala chagona pamalire a magawo awiri, malirewo ndi mzere, alumikizeni poyamba monga tayala lija. Pa mchenga wonyezimira botolo limakhala ndi chithunzithunzi chake pansi pake, kuwonjezera pa mthunzi, ndiye muchotse zonse ziwiri. Timizere timene mphepo kapena madzi amasiya pamchenga tili ndi mbali yowala ndi mbali yamthunzi. Potapa, ikani kamtanda pamsonga pa kamzere, ndipo poyamba kumata ikaninso burashi pamsonga pa kamzere komweko. Mukaphonya ndi mapikiselo ochepa okha, timizere timathyoka ngati masitepe. Mapazi a anthu atengeni athunthu kapena asiyeni, theka la phazi limaoneka msanga, ndipo phazi limodzi looneka kawiri ndi loipa kuposa botolo limene mwachotsa.

Pamchenga wouma wosalala, chigamba chingakhale bwino pa mtundu koma n'kuoneka choyera mopitirira. Kamera iliyonse imasiya timadontho tosaoneka bwino pa chithunzi chonse, ndipo kusakaniza kumatifafaniza. Kuti mutibweze, pangani kope la leya ya zigamba, mupite ku `Filters > Noise > HSV Noise`, muike `Hue` ndi `Saturation` pa 0, `Value` muyambe pa 0.02. Popeza leyayo ili ndi zigamba zokha, timadonthoto tigwera pa zigamba pokha. Yerekezani ndi mchenga woyandikana nawo pa 100%. Tikachuluka, tsitsani `Opacity` ya leyayo mpaka malire asowe. Ine ndimaona kuti kuchepa kuli bwino kuposa kuchuluka, chifukwa timadontho ta kompyuta n'takuthwa kuposa ta kamera ya foni.

Ngati muli ndi foni yokha

Snapseed ili ndi chida cha `Healing`, ndipo pa zivindikiro ndi timapepala chimakwana. Kulitsani chithunzi ndi zala ziwiri mpaka chinyalala chikhale chachikulu ngati nsonga ya chala, chifukwa burashi yake imachepa mukakulitsa chithunzi, kenako gundani kamodzi. Vuto lake n'lakuti simusankha potapa, imasankha yokha, ndiye pa zinthu zazikulu imabwereza timiyala kapena kukoka chidutswa cha nsapato. Zida zofufutira zimene zimabwera m'mafoni atsopano zimapeka nthaka yatsopano m'malo motapa, ndipo pa sikirini ya foni zimaoneka bwino, koma mukakulitsa mumapeza pamalopo pali posalala kapena pali timiyala ta mtundu wina. Pa chithunzi chongoika pa sitetasi zingapite. Pa chikwangwani chimene anthu adzaimirira pafupi n'kuchiyang'ana, pitani pa laputopu.

Kudziyesa musanapereke

Diso likakhala pa chigamba nthawi yaitali limachizolowera, ndiye muyenera kulinyenga. Choyamba chepetsani chithunzi kuti chikwane pa sikirini, mubwerere m'mbuyo pang'ono. Kubwereza kwa timiyala ndi mabala a kuwala kumaoneka bwino patali kuposa pafupi. Kenako pangani `Layer > New from Visible`, mutsegule `Colors > Curves`, mukokere mbali yakuda pansi kwambiri ndi mbali yowala m'mwamba kwambiri mpaka chithunzi chinyanse. Kusiyana kochepa kumene kunabisala kumatulukira poyera: chigamba chosalala chimaoneka ngati banga la mafuta, kabuluu kotsala kamawala, msoko umakhala mzere. Lembani m'mutu malowo, chotsani leya yoyeserayo, mukakonze.

Yeso lina ndi loona ngati simunakhudze zosafunika. Pangani kope la leya yoyambirira ija, ikwezeni pamwamba pa zonse, `Mode` ikhale `Difference`. Paliponse pamene simunasinthe pakhala pakuda bii, ndipo pamene munagwira paoneka mtundu. Pa chithunzi chathu payenera kuoneka timadontho ta zivindikiro ndi mabanga atatu. Mukaona kuwala pa nsapato kapena m'mphepete mwa diresi, ndiye kuti burashi inadumpha mpanda. Fufutani pamenepo pa leya ya zigamba, ndipo mukamaliza chotsani leya ya `Difference` ija musanatulutse chithunzi.

Potulutsa pitani ku `File > Export As`, dzina lithere ndi `.jpg`, `Quality` ikhale 92 kapena kuposa, ndipo dzinalo lisiyane ndi la fayilo yoyambirira. JPEG imataya kanthu nthawi iliyonse mukaisunganso, ndiye zosintha zina zikabwera muzichitire pa XCF n'kutulutsanso. Kwa wosindikiza chikwangwani tumizani ngati `Document` kapena pa fulashi.

Pali zithunzi zina zimene ndimakana kuzigwira. Cha ukwati, cha shopu, cha banja limene lapita kukaona Nc'wala ku Mtenguleni, chotsani mapulasitiki mmene mungafunire. Koma chithunzi chopita m'nyuzipepala, kapena cha lipoti losonyeza kuti malo anasesedwa, chimenecho ndi umboni, ndipo kuchotsapo chinyalala n'kunama. Chimodzimodzi wogulitsa puloti amene akufuna kuti dzala la pafupi ndi malowo lisaoneke. Wotereyu ndimamuuza kuti atenge wilibala ndi fosholo, akamaliza tidzajambulenso.